Nyumba Yomangidwa Pamchenga Ititimira Mamilimita Angati?

Nyumba iliyonse imatitimira. Nthaka ikasenza zipupa, konkire ndi denga imapanikizika, ndipo maziko amatsika nayo, ngakhale mmisiri atakhala waluso chotani. Chimene chimasiyana ndi kuchuluka kwa kutsikako komanso nthawi imene kumatenga. Padothi lamakande madzi amachedwa kutuluka, choncho nyumba imatha kumatsika pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Pamchenga madzi amadutsa mosavuta, ndiye katundu akangoikidwa nthaka imavomera nthawi yomweyo. Omanga akamakhoma malata omaliza, kutitimira kochuluka kumakhala kutachitika kale.

Ambiri amaopa mchenga kuposa mmene uyenera kuopedwera. Mchenga wothinana bwino ndi nthaka yabwino kumangapo, ndipo m'mbali mwa nyanja ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi muli nyumba zambiri zomwe zakhazikika pamchenga popanda vuto. Si kawirikawiri mchenga kugumukira m'mbali chifukwa cha kulemera kwa nyumba, pokhapokha phazi la maziko litakhala laling'ono kwambiri kapena losazama. Chomwe chimavutitsa eni nyumba ndi ming'alu, zitseko zokana kutsekeka ndi matailosi osweka, ndipo zonsezi zimabwera pamene mzati wina watsika kuposa unzake. N'chifukwa chake injiniya asanavomereze kukula kwa phazi la konkire lomwe mzati udzakhalapo, amayamba wawerengera mamilimita amene phazilo lidzatsike.

Malire odziwika kwambiri ndi mamilimita 25. Anawatchukitsa ndi Karl Terzaghi ndi Ralph Peck mu 1948, poganiza kuti ngati phazi lalikulu koposa onse silitsika kupitirira pamenepa, kusiyana kwa mzati ndi mzati sikungapitirire mamilimita pafupifupi 20, ndipo nyumba wamba imapirira zimenezo.

Chimene chimachitika pansi pa phazi

Wogula chimanga pandowa amadziwa kuti ndowa yodzaza mpaka pakamwa imatsika akaigwedeza. Palibe njere yomwe yaphwanyika. Njerezo zangoterereka n'kulowa m'mipata yomwe inalipo. Mchenga wapansi pa maziko umachitanso chimodzimodzi: katundu akaupanikiza, timiyala take timasuntha, timagubuduzika n'kuthinana, ndipo pamwamba pamatsika.

Apa pali chinthu chodabwitsa. Masamu amene mainjiniya amagwiritsa ntchito poyerekeza kutsikaku ndi masamu a zinthu zotamuka, zomwe zimapanikizika molingana ndi katundu ndipo zimabwerera m'chimake katundu akachotsedwa. Mchenga suchita zimenezo. Ukathinana wathinana, ndipo mutagwetsa nyumbayo nthaka ingabwerere pang'ono chabe. Komabe masamuwa amagwira ntchito, malinga katundu akhale wochepa poyerekeza ndi amene angagumule nthaka, mwachitsanzo gawo limodzi mwa magawo atatu. M'chigawo chimenechi, mukawirikiza katundu kawiri, kutsika nako kumawirikiza pafupifupi kawiri, ndipo zimenezo n'zokwanira kuti masamu ayende.

Chiyambi cha masamuwa ndi ntchito ya Mfalansa wina, Joseph Boussinesq, yemwe mu 1885 anasonyeza mmene katundu woikidwa pamwamba amafalikira pansi pa chinthu chotamuka. Phunziro lalikulu lochokera kwa iye ndi lakuti kupanikizika kumazilala mukamapita pansi. Pansi pa phazi lofanana mbali zonse zinayi, mukafika kuya kowirikiza kawiri m'lifupi mwake, kupanikizika kumatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Phazi la mamita 2 limavutitsa nthaka mpaka mamita 4 pansi pake. La mamita 4 limafika mamita 8. Choncho munthu amene wakumba dzenje la mita imodzi, n'kuona mchenga wolimba pansi pake, waona denga chabe la nthaka imene idzasenze nyumba yake.

Fomula yake ndi yaifupi:

```
s = q × B × (1 − ν²) × I / E
```

Chilembo s ndi kutsika kwa phazi. Chilembo q ndi kupanikizika kumene nyumba yawonjezera panthaka, B ndi m'lifupi mwa phazi, ndipo E ndi kuuma kwa mchenga, kutanthauza mmene umakanira kupanikizika. Zilembo ziwiri zotsalazo sizivuta. Chilembo ν chimaimira mmene nthaka imafufumira m'mbali ikapanikizidwa pamwamba, ndipo pamchenga ambiri amatenga 0.3, zomwe zimachititsa kuti (1 − ν²) ikhale 0.91. Chilembo I chimatengera maonekedwe a phazi. Phazi lolimba la konkire lofanana mbali zonse, lokhala pamchenga wakuya kwambiri, limapatsidwa 0.88, ngakhale mabuku ena amalemba 0.82. Kusiyana kumeneku kusakusowetseni tulo, chifukwa n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe tione pa E.

Mzati umodzi, phazi limodzi

Tiyerekeze kuti munthu akumanga nyumba yosanja katatu ya alendo kufupi ndi nyanja. Mizati yake yatalikirana mamita 4. Mzati wapakati, pamodzi ndi phazi lake komanso dothi lokwirira, ukutsitsa katundu wa makilonyutoni 672, omwe ndi matani pafupifupi 68. Phazi ndi la mamita 2 mbali zonse, ndipo lakhala mita imodzi pansi pa nthaka. Madzi apansi ali kutali.

Tikagawa 672 ndi malo a phazi, omwe ndi masikweyamita 4, tipeza makilopasikali 168. Koma nthaka yapamenepo inali itasenza kale mchenga wa mita imodzi umene unali pamwamba pake, wolemera makilopasikali 18, ndipo inazolowera katundu ameneyo. Chachilendo kwa iyo ndi chotsalacho, makilopasikali 150. Ameneyu ndiye q wathu.

Tsopano tikufuna E, ndipo apa ndi pomwe ntchito yeniyeni ili. Dongo mukhoza kulidula bwinobwino, kulikulunga n'kupita nalo kulabotale. Mchenga sulola. Mukangoutapa, timiyala take timasokonekera, ndipo chimene chimafika kulabotale ndi mchenga wina, wosiyana ndi umene watsala pansi. Choncho kuuma kwake kumayezedwa uli pomwepo, ndiponso mozungulira njira.

Njira yofala kwambiri imatchedwa SPT. Amaboola nthaka, n'kutsitsa paipi yachitsulo pansi pa chibowocho, kenako n'kumaikhoma ndi nyundo yolemera makilogalamu 63.5 yomwe imagwa kuchokera pa mamilimita 760. Paipiyo imakhomedwa mamilimita 450. Oyambirira 150 sawerengedwa chifukwa pamenepo nthaka yasokonezeka ndi kuboola, ndipo chiwerengero cha kumenya komwe kwalowetsa mamilimita 300 otsalawo chimatchedwa N. Mchenga wa N wosakwana 10 ndi wotayirira, wa pakati pa 10 ndi 30 ndi wapakatikati, ndipo wopitirira 30 ndi wothinana. Koma N si E. Pamafunika kachiwerengero kolumikiza ziwirizi, ndipo kamodzi kodziwika, kopezeka m'buku la maziko la Joseph Bowles, n'kakuti pamchenga umene sunapanikizidwepo ndi katundu wamkulu m'mbuyomu:

```
E = 500 × (N + 15)   (kPa)
```

Tinene kuti pamalo athuwa N akuzungulira pa 15 kuyambira pansi pa phazi mpaka mamita 4. Ndiye kuti E ndi makilopasikali 15,000. Tikaika zonse mu fomula:

```
s = 150 × 2 × 0.91 × 0.88 / 15000 = 0.016 m
```

Phazi lathu litsika mamilimita 16, pansi pa malire a 25 aja. Pali kachiwerengero kena, kochokera kwa Fox mu 1948, kochepetsako yankho chifukwa phazi lili m'dzenje osati pamwamba pa nthaka, koma phazi likakhala losazama ngati ili mainjiniya ambiri amangokasiya kuti akhale kumbali yotetezeka.

Fomulayi ikutiuzanso kanthu kena komwe omanga ambiri sakayembekezera. Phazi la mamita 3 lopanikiza nthaka ndi makilopasikali 150 omwewo litsika mamilimita 24. Anthu amaganiza kuti mapazi onse akapanikiza nthaka mofanana atsikanso mofanana, koma lalikulu limafinya mchenga wakuya kwambiri, ndiye limatsika kwambiri.

Mchenga si umodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi

Fomula yaifupi ija imaganiza kuti nthaka yonse ili ndi E mmodzi. Mchenga wa m'mbali mwa nyanja kapena mtsinje sukhala choncho. Unaunjikidwa ndi madzi ndi mphepo nyengo zosiyanasiyana, muyalo pamwamba pa muyalo, wina wothinana, wina wotayirira. Injiniya wachangu amangophatikiza manambala onse n'kupeza wapakati. M'malingaliro anga, cholakwa chimenechi ndi chomwe chimawononga mawerengedwe ambiri kuposa china chilichonse, ndipo n'chosavuta kuchionetsa.

John Schmertmann wa ku Yunivesite ya Florida anatulutsa njira ina mu 1970, ndipo iye ndi anzake anaikonzanso mu 1978. Maziko ake ndi masamu omwe aja a zinthu zotamuka, koma anawasakaniza ndi zimene zinaoneka poyesa mchenga weniweni. Chimene anatsindika n'chakuti mchenga umene umafinyika kwambiri si umene wakhudzana ndi konkire. Pansi pa phazi lofanana mbali zonse, kufinyika kumayamba pang'ono, kumakula mpaka kufika pachimake pa kuya kwa theka la m'lifupi mwa phazi, kenako kumachepa mpaka kutheratu pa kuya kowirikiza kawiri m'lifupimo. Muyalo uliwonse umapatsidwa kulemera kwake, kotchedwa Iz, molingana ndi pamene uli. Pansi penipeni pa phazi Iz ndi 0.1, pachimake amakhala 0.5 kapena kupitirirapo kutengera katundu, ndipo pamapeto ndi 0. Maziko aatali osenza chipupa amafika kutali kuposa apa: chimake chili pa kuya kofanana ndi m'lifupi, ndipo mapeto ali pa kuya kowirikiza kanayi.

Schmertmann anakonzera njirayi chida china chotchedwa CPT. Ichi ndi chitsulo chosongoka chomwe makina amachikankhira pansi mamilimita 20 pa sekondi, uku chikulemba mosalekeza mphamvu imene nthaka ikukanira kunsonga kwake, yotchedwa qc. SPT imayeza pa mita iliyonse kapena mita ndi theka, ndiye muyalo wopyapyala ukhoza kudutsidwa osaoneka. CPT siphonya muyalo wotero. Pa phazi lofanana mbali zonse amatenga E wowirikiza qc ka 2.5, ndipo pa maziko aatali ka 3.5.

```
s = C1 × C2 × q × Σ (Iz × Δz / E)
```

Chizindikiro Σ chikungotanthauza kuphatikiza miyalo yonse, ndipo Δz ndi kuchindikala kwa muyalo uliwonse. C1 ndi kachiwerengero ka kuzama kwa phazi, komwe kwa ife ndi 0.94. C2 ndi ka nthawi, ndipo poyamba tikatenga ngati 1.

Pa phazi lathu la mamita 2, chimake chili mita imodzi pansi pa konkire, ndipo Iz wake akutuluka 0.70. Tikaphatikiza Iz × Δz kuyambira pamwamba mpaka mamita 4 tipeza 1.45. Ngati mchenga wonse uli ndi qc wa makilopasikali 6,000, E ndi 15,000 monga kale, ndipo yankho ndi 0.94 × 150 × 1.45 / 15000, omwe ndi mamilimita 14. Njira ziwirizi zagwirizana bwino: 16 ndi 14.

Tsopano tiikemo muyalo wa mchenga wotayirira wochindikala mita imodzi, wa qc 2,000, kutanthauza E wa 5,000. Muyalowu ukakhala pansi kwambiri, pakati pa mamita 3 ndi 4 kuchokera pa konkire, umangotenga 0.12 mwa 1.45 uja, ndipo kutsika kumangokwera kufika mamilimita 16. Muyalo womwewo, wochindikala chimodzimodzi, ukakhala pakati pa theka la mita ndi mita ndi theka, umagwera pachimake penipeni ndipo umatenga 0.60:

```
s = 0.94 × 150 × (0.60/5000 + 0.85/15000) = 0.025 m
```

Mamilimita 25. Nanga uja wongopeza nambala yapakati akanapeza chiyani? Mamita atatu a 15,000 ndi mita imodzi ya 5,000 amapereka E wa 12,500, ndipo fomula yaifupi ikanamupatsa mamilimita 19 m'zochitika zonse ziwiri. Pamene muyalo uli pansi kwambiri akanachita mantha pachabe. Pamene uli pachimake akanasainira mapulani mtima uli m'malo, chonsecho phazi lafika kale pamalire.

Choipa kwambiri n'chakuti miyalo yotereyi siyala malo onse. Imatha kukhala pansi pa mzati umodzi n'kuthera panjira usanafike pa unzake. Tinene kuti mzati wina watsika mamilimita 25 ndipo woyandikana nawo, pa mamita 4, watsika 14. Kusiyana kwa mamilimita 11 pa mamilimita 4,000 ndi kupendekeka kwa 1 pa 360. Skempton ndi MacDonald, ataunika nyumba zowonongeka ndi zosawonongeka mu 1956, anapeza kuti zipupa zimayamba kung'aluka kupendekeka kukafika 1 pa 300, ndipo analangiza kusapitirira 1 pa 500. Nyumba yathu ili kale pakati pa ziwirizi.

Ndiye pali C2 uja. Ngakhale timati mchenga umatsika nthawi yomweyo, sumaliziratu. Timiyala timapitiriza kusuntha pang'onopang'ono, ndipo Schmertmann anaika kachiwerengero ka zimenezi:

```
C2 = 1 + 0.2 × log(t / 0.1)
```

Chilembo t ndi zaka. Pakapita zaka 10, C2 amakhala 1.4. Mizati yathu iwiri yafika pa mamilimita 35 ndi 19, ndipo kupendekeka ndi 1 pa 250. Mwini nyumba adzaona mng'alu wopendekeka ukuchoka pangodya ya zenera, wotseguka kwambiri mbali imodzi, ndipo mwina adzakalipira amene anapaka pulasitala. Mainjiniya ena amati C2 amakokomeza, ndipo ali ndi mfundo, koma pa nyumba imene katundu wake amasinthasintha, monga nsanja ya thanki yamadzi yomwe imadzaza n'kuphwa tsiku ndi tsiku, ine sindingamusiye.

Tingakhulupirire bwanji manambalawa?

Mu 1985 John Burland ndi M. C. Burbidge ku Britain anasonkhanitsa zoyezedwa pa nyumba, mathanki ndi zomanga zina zopitirira 200 zokhala pamchenga ndi pamiyala yaing'onoing'ono, n'kupanga njira yawo yochokera pa N. Tikaigwiritsa ntchito pa phazi lathu, pamchenga wa N 15 wopanda muyalo wofooka, itipatsa mamilimita pafupifupi 9. Anapezanso kuti kutsika sikukula mofanana ndendende ndi m'lifupi mwa phazi monga fomula yaifupi imanenera, koma mocheperapo, chifukwa mchenga wakuya umakhala wouma kuposa wapamwamba.

Ndiye tili ndi mayankho atatu pa phazi limodzi: 16, 14 ndi 9. Palibe amene walakwitsa masamu. Mu 1994 ku Yunivesite ya Texas A&M, Jean-Louis Briaud ndi Robert Gibbens anamanga mapazi asanu pamchenga, a m'lifupi kuyambira mita imodzi mpaka mamita 3, n'kupempha akatswiri kuti alosere mmene adzachitire asanawasenzetse katundu. Malowo anali atayezedwa mokwanira kuposa mmene pulojekiti wamba ingakwanitsire, komabe maulosiwo anasiyana kwambiri, ndipo palibe amene analondola pa mapazi onse. Choncho injiniya akakuuzani kuti phazi litsika mamilimita 13.6, mumve kuti akunena za pakati pa 8 ndi 20 kapena chapompo. Ine ndimakhulupirira kwambiri lipoti losonyeza njira ziwiri kapena zitatu ndi kusiyana kwake kuposa lokhala ndi nambala imodzi yokongola.

Gawo lalikulu la kusatsimikizikaku limachokera pa N. Nyundo zonse sizimenya mofanana. Yokokedwa ndi chingwe pamanja imataya mphamvu yambiri kuposa yodzigwera yokha, ndiye pamchenga womwewo imafuna kumenya kochuluka ndipo mchengawo umaoneka wolimba kuposa mmene ulili. N'chifukwa chake N amakonzedwa kuti afanane ndi nyundo yopereka magawo 60 pa 100 a mphamvu yake, ndipo lipoti labwino limanena mtundu wa nyundo. Pansi pa madzi pali msampha wina. Oboola akalola madzi a m'chibowo kutsika kuposa a m'nthaka yozungulira, mchenga umabwatamukira m'chibowomo n'kutayirira, ndipo N amatuluka wochepa monamiza. Mukaona N akugwa mwadzidzidzi pamalo pomwe madzi ayambira, funsani mmene anaboolera musanakhulupirire. Mwala umodzi wotseka kukamwa kwa paipi umachita zosiyana ndi zimenezi: umatulutsa N wamkulu mmodzi pakati pa ang'onoang'ono, ndipo ameneyo ndi woyenera kumutaya.

Chinanso n'chakuti mchenga umasunga mbiri ya katundu amene unasenzapo. Ngati pamalopo panali chulu cha mchenga chomwe chinakokoloka kapena kusalazidwa, mchenga wapansi unathinana kale, ndipo Burland ndi Burbidge anapeza kuti wotero umatsika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mmene ukanatsikira, bola katundu watsopano asapitirire wakaleyo. SPT ndi CPT siziona bwino mbiri imeneyi. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene nyumba zambiri zimatsikira pang'ono kuposa mmene anawerengera.

Madzi, zivomezi ndi pamene masamuwa amathera

Kuuma kwa mchenga kumachokera pa mmene timiyala take tapanikizirana. Madzi akakwera n'kumiza mchenga, kulemera kwake kumachepa pafupifupi ndi theka, timiyala sitigwiranso mwamphamvu, ndipo E amatsika. Terzaghi ndi Peck ankati madzi akafika pa phazi kutsika kukhoza kuwirikiza kawiri. Ofufuza a pambuyo pake amati nthawi zambiri sikufika pamenepo, koma onse amavomereza kuti kumakula. Kwa womanga m'mbali mwa nyanja nkhaniyi ndi yeniyeni. Zoyezedwa mu Okutobala madzi ali pansi sizingaimire Epulo, ndipo mu 2024 madzi a Nyanja ya Malawi anakwera mpaka kulowa m'malo ena ogona alendo. Powerengera, madzi aziikidwa pamene angafike chaka choipa, osati pamene anapezeka tsiku loboola.

Pali zinthu zina zimene masamu a zinthu zotamuka saziona n'komwe. Mchenga wotayirira ukagwedezeka umathinana popanda katundu wina kuwonjezeka, kaya chogwedezacho ndi jenereta yaikulu, chigayo kapena chivomezi. Ukakhala womira m'madzi, chivomezi chikhoza kuusandutsa phala kwa kanthawi. Dera la nyanja lili m'chigwa cha zivomezi, monga anthu a ku Salima anaonera mu 1989 ndi a ku Karonga mu 2009, ndiye mchenga wa N wochepa pansi pa madzi umafunika kuunika kwina kwapadera. Palinso mchenga wofiirira umene timiyala take tamatidwa pang'ono ndi dongo, monga wina wa Kalahari kumadzulo kwa Zambia ndi Zimbabwe. Ukakhala wouma umaoneka wolimba ndipo umapereka N wabwino, koma ukanyowa uli ndi katundu umafwafwanyika mwadzidzidzi. Paipi imodzi yodontha pafupi ndi maziko ndi yokwanira kuyambitsa zimenezi.

Cholakwa chomaliza chimachitika ndi fosholo. Mawerengedwe onse amaganiza kuti mchenga wapansi pa dzenje uli monga unalili poyezedwa. Anyamata akakumba mopitirira n'kubwezera mchenga osatsendera, kapena dzenje likagona ndi madzi amvula n'kupondedwapondedwa, pansi pa konkire pamakhala muyalo wofooka umene palibe lipoti linauona. Dzenje litsenderedwe ndi makina, ndipo kakonkire kopyapyala kotchinga pansi kathiridwe tsiku lomwelo.

Chochita ndi mzati wathu uja

Tibwerere ku phazi lokhala pa muyalo wotayirira. Popeza muyalowo ukuthera mita ndi theka pansi pa konkire, njira imodzi ndi kukumba mpaka mamita 2.5 kuchokera pamwamba, kuuchotsa wonse, n'kubwezeramo mchenga kapena gelevulo wotsenderedwa m'miyalo ya mamilimita 150 mpaka 200. Dzenje lakuya chotero mumchenga limagumukira anthu ngati m'mbali mwake simunatchingidwe kapena kupendeketsedwa, ndipo madzi akakhala pafupi ntchitoyo imavuta ndi kudula.

Njira ina ndi kukulitsa phazilo. Zikhoza kuoneka ngati zikutsutsana ndi zimene tanena kale, koma paja phazi lalikulu linatsika kwambiri chifukwa kupanikizika kunali kofanana. Apa katundu ndi yemweyo ndipo akugawidwa pamalo aakulu. Phazi la mamita 2.5 lili ndi masikweyamita 6.25, ndipo kupanikizika kowonjezera kumatsika kuchoka pa 150 kufika pafupifupi 90. Tikabwereza njira ya Schmertmann, muyalo wofooka uja uli pomwe unali, tipeza mamilimita pafupifupi 15. Mzati woyandikana nawo uli pa 14, ndiye kupendekeka kwatsala pang'ono kutheratu. Mtengo wake ndi konkire yowonjezera yoposa theka pa phazi limenelo, pamodzi ndi zitsulo zake.

Kuti adziwe mizati yofunika kukulitsa, injiniya amafuna zoyeza zingapo zomwazikana pamalo onse a nyumba, chilichonse chofika kuya kowirikiza kawiri m'lifupi mwa phazi lalikulu. Ndipo ntchito ikayamba, kutsimikizira n'kotsika mtengo: kachitsulo kokhomedwa pa mzati uliwonse, chizindikiro chokhazikika patali ndi nyumba, ndi makina a levulo owerengedwa nsanja iliyonse ikathiridwa. Nsanja yoyamba mwa zitatu ikatsitsa mzati mamilimita 4 kapena 5, mawerengedwe akuyenda bwino. Ikautsitsa 10, ntchito iime ndipo injiniya abwere nsanja yachiwiri isanathiridwe.